QWERTY sinapangidwe kuti ikuchedwetseni, koma sinakufunseninso maganizo

Anzanga, pali kankhani kena kamene kandikwana. Kamabwera chaka ndi chaka, kamayenda m'mafoni mwathu, ndipo amene wakapeza amakatumiza ndi nkhope ya munthu amene watulukira chinsinsi. Akuti: kodi mukudziwa kuti malembo a pa kiyibodi anawasokoneza dala pofuna kuti anthu azitayipa pang'onopang'ono? Ena amawonjezera kuti pali kiyibodi ina yabwino kwambiri imene makampani akuluakulu anaibisa. Ndiye tonse timagwedeza mutu, eti, azungu awa, n'kupitiriza kulemba "mbale wanga" pomwe tikutanthauza m'bale.

Ine ndikuti nkhani imeneyi ndi yabodza, ndipo bodza lake limatibisira funso lenileni lomwe ife olemba Chichewa tikanayenera kumafunsa. Tandimverani mpaka kumapeto, kenako munditsutse.

Yang'anani kiyibodi imene ili m'manja mwanuyo. Mzere wapamwamba wa malembo ukuyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, ndipo dzina lija lachokera pomwepo. Tsopano tsikani pa mzere wapakati muwerenge kuyambira pa D: D, F, G, H, J, K, L. Mwaona? Ndi alifabeti yomwe ija munaimba ku sitandade wani, kungoti E ndi I anazikwezera pamwamba. Munthu wofuna kusokoneza anthu mwadala sakanasiya malembo asanu ndi awiri atandondozana choncho. Amenewo ndi mapazi a mbiri. Kiyibodi inayamba ili mu dongosolo la alifabeti, kenako anthu anakhala akusuntha lembo ili lero, lina mawa, mpaka inafika pomwe ili.

Munthu amene anayambitsa ntchitoyi ndi Christopher Latham Sholes, wosindikiza ndi mkonzi wa nyuzipepala ku Milwaukee, m'dziko la Amereka. Mu 1868, iye ndi anzake awiri, Carlos Glidden ndi Samuel Soulé, analandira chiphaso chaumwini cha makina otayipira. Makina oyambawo anali ndi mabatani ngati a piyano, malembo ake ali mu alifabeti. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka zingapo akupanga makina, kuwapereka kwa anthu kuti ayese, kumva madandaulo, n'kupanganso ena. Amene ankaponya ndalama n'kumamukakamiza Sholes kuti asagwe ulesi anali James Densmore. Mu 1873 anagwirizana ndi kampani ya Remington ya ku Ilion, m'chigawo cha New York, yomwe inkapanga mfuti ndi makina osokera, ndipo mu 1874 taipilaita yawo inalowa pamsika pa mtengo wa madola 125. Inkalemba malembo akuluakulu okhaokha. Malembo ang'onoang'ono anabwera mu 1878 ndi Remington No. 2, yomwe inabweretsa batani lija mpaka lero limalembedwa kuti Shift.

Kuti mumvetse vuto limene Sholes ankalimbana nalo, muyenera kuona mmene makinawo ankagwirira ntchito, chifukwa sanali ngati taipilaita imene munaiona pa tebulo la kalaliki. Lembo lililonse linali kunsonga kwa kachitsulo kake, ndipo tizitsuloto tinkalendewera mozungulira ngati nthiti za dengu. Mukadina batani, kachitsulo kankanyamuka kuchokera pansi n'kukamenya pepala kunsi kwa chogudubuza. Tonse tinkamenya pamalo amodzi, ndipo kalikonse kankabwerera pamalo pake chifukwa cha kulemera kwake basi. Ndiye mukadina mofulumira malembo awiri amene tizitsulo take n'toyandikana m'dengumo, kachiwiri kankakumana ndi koyamba kasanatsike, n'kukolana. Choipa kwambiri n'chakuti pepala linkamenyedwa kunsi, kotero wotayipa sankaona zimene akulemba. Ankatha kupitiriza kudina, makina akungobwereza lembo limodzi lomwelo, iye n'kudzazindikira atanyamula chogudubuza mzere utawonongeka kale.

Apa ndi pamene bodza lija linamera, ndipo linamera pa kachoonadi kakang'ono. Olemba mbiri ambiri amanena kuti Sholes anasuntha malembo ena pofuna kutalikitsa tizitsulo tomwe tinkakolana kawirikawiri. Koma taganizani bwino. Kutalikitsa tizitsulo kuti tisakolane ndi kuchedwetsa wotayipa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makina akasiya kukolana, munthu amatayipa mofulumira kuposa kale. Sholes ankagulitsa makina ake pouza anthu kuti amalemba mwaliwiro kuposa cholembera. Ndani angapange njinga n'kuika miyala m'matayala kuti wokwera asathamange, kenako n'kuitsatsa kuti ndi njinga yaliwiro? Ndipo ngati cholinga chinali kumwaza malembo onse amene amatsatana kawirikawiri m'Chingerezi, nanga E ndi R akutani pafupi ndi pafupi, pomwe awiriwa ali m'gulu la malembo amene amatsatana kwambiri m'chiyankhulocho?

Pali mbali ina imene ofalitsa kankhani kaja saitchula n'komwe. Ena mwa makasitomala oyamba a Sholes anali anthu a telegalafu, amene ntchito yawo inali kumvetsera kugogoda kwa Morse n'kumalemba uthenga nthawi yomweyo. Anthu otere sakanalola makina owachedwetsa, chifukwa wotumiza kutsidya kwa waya sankadikira. Mu 2011, akatswiri awiri a ku Japan, Koichi Yasuoka ndi Motoko Yasuoka, anasindikiza kafukufuku wonena kuti zosowa za anthu amenewa zinathandiza kuumba QWERTY. Chitsanzo chawo n'chokoma. M'Morse ya ku Amereka, S anali timadontho titatu, E kadontho kamodzi, ndipo Z anali timadontho titatu, kampata, kenako kadontho kamodzi. Womvetsera sankadziwa msanga ngati wamva Z kapena S wotsatana ndi E mpaka amve malembo otsatira. Choncho zinali zothandiza kuti S akhale pafupi ndi Z komanso E, chala chidikire pamenepo. Yang'ananinso kiyibodi yanu: S ali pakati, Z mmunsi mwake, E pamwamba pake. Akatswiri amatsutsanabe kuti pa zifukwa ziwirizi, kukolana kwa zitsulo ndi zofuna za a telegalafu, cholemera kwambiri n'chiti. Koma zonse ziwiri zikuloza ku liwiro, palibe cholozera ku kuchedwetsa munthu.

Ndiye QWERTY ndi chiyani? Ndi nyumba yomangidwa chipinda chimodzi chimodzi, mwini wake akuwonjezera khonde uku, kutseka khomo uko, malinga ndi amene wabwera kudzadandaula. Amisiri a Remington nawonso anasunthamo malembo ena atalandira makinawo. Pofuna kuchepetsa zitsulo, makina oyamba analibe 1 ndi 0, ankangogwiritsa ntchito I ndi O, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake otayipa ankalemba 1 ndi l wamng'ono. Ngakhale Sholes mwini wake sanakhulupirire kuti wafika pamapeto. Asanamwalire mu 1890 anali atakonza dongosolo lina la malembo losiyana kwambiri ndi QWERTY. Dziko silinamumvere, chifukwa mwana anali atakula kale n'kuchoka pakhomo.

Funso lofunika kwambiri si lakuti QWERTY inabadwa bwanji, koma lakuti inakhalitsa bwanji, popeza opikisana nayo analipo. Makina a Caligraph anali ndi dongosolo lawolawo, malembo akuluakulu ndi ang'onoang'ono ali ndi mabatani osiyana. Makina a Blickensderfer a mu 1893 anaika malembo khumi ogwiritsidwa ntchito kwambiri m'Chingerezi pa mzere umodzi wapansi, DHIATENSOR, ndipo ankati dongosolo lawo ndi lasayansi. Onsewo anatha. Chinawagonjetsa si chitsulo, koma zala za anthu. M'zaka za m'ma 1880 kunabuka masukulu ophunzitsa kutayipa, ndipo kunayamba luso lotayipa ndi zala zonse osayang'ana mabatani. Mu Julaye 1888, ku Cincinnati, Frank McGurrin, amene analoweza kiyibodi ya Remington n'kumatayipa osayang'ana, anapambana Louis Traub amene ankagwiritsa ntchito Caligraph, ndipo nyuzipepala zinaifalitsa nkhaniyo. Mu 1893 makampani akuluakulu asanu, Remington, Caligraph, Yost, Densmore ndi Smith Premier, analowa mu mgwirizano umodzi wa Union Typewriter Company, ndipo QWERTY inakhala muyezo wa msika.

Kuyambira pamenepo zinthu zinkangozungulira zokha. Bwana amagula makina amene olembedwa ntchito amawadziwa. Wofuna ntchito amaphunzira makina amene mabwana ali nawo. Sukulu imaphunzitsa zimene ophunzira adzakapeze ku ofesi. Palibe amene anachita kukhala pansi usiku n'kupangana chiwembu. Ndipo vuto lenileni la kukolana kwa zitsulo linachoka kalekale. Mu 1961 IBM inatulutsa Selectric, taipilaita yopanda tizitsulo tija, malembo onse ali pa kampira kamodzi kozungulira. Kiyibodi yake? QWERTY. Kompyuta ilibe chokolana chilichonse, komabe mizere ya mabatani ake ndi yopendekeka, mzere uliwonse utasunthako pang'ono poyerekeza ndi unzake. Kupendekekako kunalipo kuti timitengo ta chitsulo tochokera ku batani lililonse tidutse osagundana. Timitengoto tinapita, mpata wake tikuusungabe.

Tsopano ndifike kwa inu a chipani chinacho, amene mumati: zoona, QWERTY ndi chakale, tiyeni tonse tisamukire ku Dvorak. August Dvorak, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Washington ku Seattle, pamodzi ndi William Dealey, analandira chiphaso cha kiyibodi yawo mu 1936. Maganizo awo anali anzeru ndithu. Anaika malembo a liwu onse asanu ku dzanja lamanzere pa mzere wapakati, pomwe zala zimapumira, ndipo malembo opanda liwu ofala kwambiri anawaika ku dzanja lamanja: AOEUI uku, DHTNS uko. Manja azilandizana, zala zisamayende ulendo wautali.

Koma umboni woti kiyibodi imeneyi imafulumizitsa kwambiri ndi wofooka kuposa mmene amaulalikirira. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa asilikali a pamadzi a ku Amereka wa mu 1944, ndipo nthawi imeneyo Dvorak mwini wake anali msilikali wa udindo kumeneko, katswiri wawo pa zoyeza kagwiridwe ka ntchito, uku ali mwini wa chiphaso cha kiyibodiyo. Mu 1956 boma la Amereka linayesanso kudzera mwa Earle Strong. Anatenga otayipa khumi n'kuwaphunzitsa Dvorak maola anayi pa tsiku, ndipo zinawatengera masiku oposa 25 kuti angobwerera pa liwiro lawo lakale. Atawapitiriza maphunziro limodzi ndi gulu lina lotsalira pa QWERTY, a QWERTY ndi amene anawonjezera liwiro kwambiri. Okonda Dvorak amati Strong anali wokondera. Mkanganowo unalowa mpaka m'maphunziro a zachuma: mu 1985 Paul David anagwiritsa ntchito QWERTY ngati chitsanzo cha chinthu chosakhala bwino chomwe dziko linakodwamo chifukwa cha mwayi wa mbiri, ndipo mu 1990 Stan Liebowitz ndi Stephen Margolis anamuyankha kuti umboni woti pali china choposa kwambiri ndi wosakwanira. Chimene aliyense angayeze yekha n'chakuti pa Dvorak zala zimayenda mtunda wochepa polemba Chingerezi. Zoti mudzasanduka mphepo, ayi, musalonjezedwe.

Mwamva mawu amene ndangonenawo? Polemba Chingerezi. Apa ndiye pagona nkhani yanga. Mkangano wonsewu, kuyambira Sholes mpaka Dvorak mpaka Colemak imene Shai Coleman anatulutsa mu 2006, ndi wa anthu amene ankawerenga malembo a Chingerezi. Ife timangolowerera ndewu ya eni ake. M'malo molowerera, tiyeni tiyeze tokha. Titenge chiganizo wamba: Munthu wabwera kunyumba kwathu. Chili ndi malembo 27.

Pa QWERTY, mukamatayipa ndi zala zonse monga amaphunzitsira, chala chamkombaphala chakumanja chimasamala Y, U, H, J, N ndi M. Tayesani mawu oti munthu. M, U, N ndi chala chimodzi chomwecho, T ndi chamkombaphala chakumanzere, kenako H ndi U mwabwereranso ku chija. Malembo asanu mwa asanu ndi limodzi, chala chimodzi. Pa kunyumba zimafika poseketsa: U, N, Y, U, M, malembo asanu ondondozana, chala chimodzi chikudumpha kukwera ndi kutsika ngati chiwala, zinzake zikungoonerera. Pa wabwera dzanja lamanja limapita kutchuthi, malembo onse asanu ndi awiri ali kumanzere. Mukawerengera chiganizo chonse, mkombaphala wakumanja yekha wadina malembo 12 mwa 27, pomwe chala champhete ndi kachala kakang'ono ka dzanja lomwelo sizinadine lembo ngakhale limodzi. Malembo amene ali pa mzere wapakati, pomwe zala zimapumira, ndi 8 okha. Ndipo ka 8 chala chimodzi chakakamizika kudina malembo awiri osiyana motsatizana, chomwe ndi chinthu chochedwetsa kwambiri potayipa chifukwa chala china sichingakonzekere pasadakhale.

Tiike chiganizo chomwecho pa Dvorak. Malembo a pa mzere wapakati akwera kufika 16, ndipo kubwereza chala kwatsika kufika ka 3. Ndikuvomera, kusiyana kulipo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndiye kiyibodi yoika malembo a liwu ku dzanja limodzi imachititsa manja kulandizana bwino ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Koma taonani pomwe katatu kaja kagwera: ku, yu ndi mb. Pa Dvorak, K ndi U ndi za chala chimodzi. Tangoganizani kuchuluka kwa mawu athu oyamba ndi ku: kudya, kulemba, kumudzi, kuti, kukula. Dvorak sankadziwa, ndipo analibe chifukwa chodziwira. Pitani ku Colemak, mukapeza N, K ndi H zonse zili pa chala chimodzi, ndiye lembani nkhani, nkhuku, nkhondo, nkhawa, muone mmene chala chilirire.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene makiyibodi onse atatuwa amagwirizana: A ali pa kachala kakang'ono kakumanzere, kofooka pa zonse. Werengani ma A m'ndime ina iliyonse ya nkhani ino mudzionere nokha amene amasenza Chichewa pamutu. Pa QWERTY ndi pa Colemak, kachala komweko kamasamalanso Z, kotero za, zaka, zathu, kukonza ndi kufunsiza zonse zimagwera pa iko. Mawu oti anawaza ali ndi malembo asanu ndi awiri, asanu mwa iwo ndi a kachala kameneka. Pomwe Q ndi X, amene sitiwagwiritsa ntchito m'mawu a Chichewa, ali ndi malo awoawo okhazikika.

Chiganizo chimodzi si kafukufuku, ndipo ndinachisankha ndikudziwa kuti chivutitsa QWERTY. Tengani ndime ya nkhani yanu muwerengere nokha, njira yake ndi yomweyi. Koma phunziro lake silisintha: palibe kiyibodi imene ili yabwino kwa aliyense. Iliyonse inasokedwa pa thupi la chiyankhulo china. Amene akukuuzani kuti Dvorak ndi yasayansi akuiwala kumaliza chiganizo: ndi yasayansi ya Chingerezi.

Ndiye titani, tipange kiyibodi yathuyathu? Zinachitikapo kwina. Dziko la Turkey mu 1955 linakhazikitsa kiyibodi yotchedwa F, yokonzedwa motsogozedwa ndi İhsan Sıtkı Yener powerengera malembo a chiyankhulo chawo. Inatheka chifukwa boma linaiika ngati muyezo wa dziko nthawi imene otayipa anali ochepa. Komabe makompyuta ndi mafoni atafika, anthu ambiri kumeneko anatengeka ndi kiyibodi ya mtundu wa QWERTY. Ngati zinavuta kumene kunali lamulo la boma kumbuyo kwake, ife amene timabwerekana laputopu, kutayipitsa m'mashopu ndi kugula mafoni akaunjika tingapite nayo patali bwanji? Mukaphunzira dongosolo lanulanu mudzakhala mlendo pa kompyuta ina iliyonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amene mumatayipa maola ambiri pa kompyuta yanuyanu ndipo zala zimakupwetekani, yesani Dvorak kapena Colemak, palibe choletsa, zili kale m'makompyuta ambiri. Koma dziwani mtengo wake, masabata angapo olemba ngati mwana wa sitandade wani, ndipo musatilalikire kuti mwapeza chipulumutso cha mtundu.

Pa foni ndiye mkangano wa zala khumi ulibe n'komwe ntchito, chifukwa timalemba ndi zala zazikulu ziwiri. Mzere wopumira zala palibepo. Amene munagwirako mafoni a mabatani mukukumbukira kuti malembo anali mu alifabeti, ABC pa 2, DEF pa 3, ndipo tinkalemba uthenga foni ili m'thumba. Chizolowezi chimaposa dongosolo. QWERTY inalowa pa galasi la foni pa chifukwa chomwe chija cha mu 1893: ndi imene anthu ankaidziwa kale.

Mayiko amene anachita mwanzeru sanagwetse nyumba yonse, anangoboola khomo pomwe ankalifuna. Ajeremani anasinthanitsa Z ndi Y chifukwa Z ndi wofala m'chiyankhulo chawo, n'kuwonjezera malembo awo a timadontho pamwamba. Afalansa ali ndi AZERTY, ndipo boma lawo litadandaula kuti kiyibodiyo ikulepheretsa anthu kulemba Chifalansa cholondola, makamaka malembo akuluakulu okhala ndi tizizindikiro, mu 2019 anatulutsa muyezo watsopano wokonza zimenezo. Taonani chimene anakana: sanalole kuti kiyibodi iziwalamula kalembedwe.

Ifeyo ndi chimene talola. Nkhodolero, kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'zoona, n'kofunika m'Chichewa pafupifupi ngati lembo. Pa mafoni ambiri kamabisika kuseri, mpaka udine batani la manambala kapena ukanikize kwa kanthawi. Ulesi wa sekondi imodzi umenewo wabala Chichewa chatsopano. M'bale wasanduka mbale yodyera. Ng'oma yovinira yasanduka ngoma ya kutchire. Timalemba ndakatulo yonse yolira maliro a "mbale wathu" ndipo palibe amene akuseka, chifukwa tazolowera. Pali ŵ, amene alibe batani lake pa kiyibodi ya Chingerezi. Sindikunena kuti kiyibodi ndiyo inamuchotsa m'zolemba zambiri za lero, chifukwa olankhula ambiri samusiyanitsanso ndi w, ndipo ine ndemwe ndalemba nkhani yonseyi popanda iye. Koma kumusiya kukhale kusankha kwa wolemba, osati kulephera. Lembo limeneli lili kale m'makompyuta, anthu a ku Wales amaligwiritsanso ntchito. Pa mafoni ena mukakanikiza w kwa kanthawi limatuluka. Mu Word, lembani `0175` kenako dinani `Alt+X`, mupeza ŵ, ndipo `0174` akupatsani Ŵ wamkulu. Pamwamba pa zonsezi pali kachipangizo kokonza mawu kamene kamaganiza kuti mukulemba Chingerezi cholakwika, n'kumasandutsa mawu anu kukhala zinthu zimene simunanene. Kazimitseni, kapena sankhani Chichewa m'ziyankhulo za kiyibodi yanu ngati chilipo, pena chimalembedwa kuti Nyanja.

Mwina mukuti izi n'zazing'ono poyerekeza ndi nkhani yokoma ija ya chiwembu cha makampani. N'chifukwa chake ndikuida nkhani ija. Imatipatsa mdani wakutali, wakufa kale, amene sitingamuchite kanthu, ndiye timadandaula n'kugona tulo tabwino. Mbiri yeniyeni ndi yosautsa kuposa pamenepo. Imatiuza kuti QWERTY inaumbidwa ndi anthu amene ankagwiritsa ntchito makinawo n'kumadandaula mokweza: wa telegalafu anati S akhale apa, mmisiri anati kachitsulo aka kasunthe, sukulu inati tiphunzitsa ichi. Amene analankhula anasiya chizindikiro chawo pa kiyibodi mpaka lero. Imatiuzanso kuti chinthu chikazolowereka sichichokanso, ngakhale chifukwa chake chitafa zaka zana zapitazo. Tizitsulo ta Sholes tinasiya kukolana kalekale, koma malembo adakali pomwe anawasiya.

Ndiye taganizirani mwana amene akuphunzira kulemba Chichewa lero. Mabuku amene amawaona ndi ochepa, koma mauthenga athu amawaona tsiku ndi tsiku. Akaona kambirimbiri kuti ngombe, mmudzi, mbale wanga, kwa iye chimenecho ndiye Chichewa. Pakadzapita zaka makumi atatu wina adzafunsa kuti nkhodolero inapita kuti, ndipo padzabuka kankhani kena konena za chiwembu cha anthu akunja. Pomwe zoona zake zidzakhala zakuti olemba, inu ndi ine, tinkaona kuti kudina batani limodzi lowonjezera n'kutaya nthawi.

Sholes ndimamukhululukira. Ankalimbana ndi zitsulo zokolana, ndipo za Chichewa sankazidziwa. Inu muli ndi chowiringula chanji? Musanatumize ndakatulo yanu sabata ino, bwererani pamwamba muwerenge mzere ndi mzere, muone kuti ndi abale angati amene mwawasandutsa ziwiya za kukhitchini.